Kanema amene munalipira kale, n'chifukwa chiyani akufunanso ndalama?

"Zikomo bambo. Ndimatumiza katundu wa anthu kuchokera kuno ku Joni kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mwezi watha ndinalipira mtsikana wina wotchuka pa TikTok R1,500 kuti ajambule kanema wa bizinesi yanga, ndipo makasitomala anabweradi. Tsopano ndikufuna kuika ndalama kuti kanemayo afike kwa anthu ambiri, koma iye akuti ndiwonjezere malipiro. Kodi sakundidyera masuku pamutu?"

Mayi, ngati simunagwirizane nkhaniyi poyamba, mtsikanayo sakulakwa. Ndalama zija zinagula ntchito yojambula ndi malo pa tsamba lake, pamaso pa anthu amene amamutsatira kale. Chimene mukupempha tsopano ndi china: kuti nkhope yake ndi dzina lake zizionekera kwa anthu osamudziwa kwa masiku ambiri, ndipo pa nthawi yonseyo sangalandire bwinobwino ntchito kwa wonyamula katundu wina amene amakwezera pafupi ndi Park Station. Chimene akukulipiritsani ndi chimenecho.

Njira yoyenera pa TikTok imatchedwa Spark Ads. Mwini kanema amatsegula makonzedwe a kanemayo, amayatsa Ad authorization, amasankha kutalika kwa chilolezo, kaya masiku 7, 30, 60 kapena 365, kenako amakutumizirani nambala yachilolezo imene inu mumaika mu TikTok Ads Manager, malo amene mumalipirira malonda pa TikTok. Kanemayo amapitiriza kuoneka pa dzina lake, ndemanga za anthu zili pomwepo, ndipo masikuwo akatha malondawo amaima. Pa Instagram ndi Facebook njira yofanana nayo ndi Partnership ads. Chimene sindilimbikitsa ndi kukopera kanemayo n'kumuika pa tsamba lanu, chifukwa mumataya ndemanga zonse zija, zimene ndizo zimakhulupiritsa munthu kuti akupatseni firiji yake, komanso mwiniwake akhoza kudandaula kanemayo n'kuchotsedwa.

Musanalipire kalikonse, mverani kanemayo ndi khutu latcheru. Ngati kumbuyo kukumveka nyimbo yotchuka, imani kaye, pakuti nyimbo zimene anthu wamba amaloledwa kuvinira sizikhala zololedwa pa malonda, ndipo TikTok ili ndi mndandanda wapadera wa nyimbo zamalonda, Commercial Music Library. Ine ndinapsa nazo kale. Tinalipira chilolezo cha mwezi wathunthu, kanema n'kukanidwa chifukwa cha nyimbo, ndipo wojambulayo anafuna ndalama zina kuti akonzenso. Yang'ananinso mtengo: ngati anatchula kuti chikwama chimodzi ndi marandi akutiakuti, kapena kuti galimoto inyamuka Lachisanu likubwerali, kanemayo wakalamba kale, ndipo mudzakhala mukulipira kuti anthu azikuimbirani ndi mtengo wakale.

Apa ndi pamene malangizo opereka kwa wojambula amafunikira, ndipo ulendo wina muwalembe musanatumize ndalama. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Muuzeni amene mukulankhula naye, osati "Amalawi onse" ayi, koma mwachitsanzo mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Randburg amene akufuna kutumiza mabulangete ndi chitofu kwa makolo ku Ndirande ndipo mantha ake ndi akuti katundu adzasowa panjira. Muuzeni mfundo imodzi yoti imveke m'masekondi oyambirira, monga yakuti wolandira amasaina ndipo wotumiza amalandira chithunzi. Muuzeninso zoti asanene, makamaka lonjezo la tsiku lofikira, popeza palibe amene amalamulira mzere wa pa Beitbridge kapena kuchedwa kwa pa Mwanza. Mawu ena onse musiyireni, chifukwa mukamulembera chiganizo chilichonse amamveka ngati akuwerenga chilengezo cha m'tchalitchi, ndipo anthu amadutsa.

Pa tsamba lomwelo palembedwe kuti adzaonetsa poyera kuti walipidwa. Malamulo a bungwe la ARB, limene limayang'anira kutsatsa malonda muno mu South Africa, amafuna chizindikiro chooneka monga #ad kapena #sponsored, ndipo pa Instagram pali Paid partnership.

Kunena za lero, musagule chaka chonse. Mupempheni masiku 30, mugwirizane mtengo wake ndiponso mtengo wowonjezera masiku ena 30 ngati zitayenda bwino, ndipo zonsezi zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp, pamodzi ndi lonjezo lakuti sadzachotsa kanemayo nthawi isanathe. Tiyerekeze kuti mwamupatsa R500, ndipo mwaika R1,000 yolipirira malondawo. Zonse pamodzi ndi R1,500. Anthu 30 akakulemberani ndiye kuti aliyense wakudyerani R50, ndipo inu ndi amene mukudziwa ngati phindu la chikwama chimodzi likubweza zimenezo, poganizira kuti si onse olemba amene adzabweretse katundu. Aliyense wokulemberani muzimufunsa kumene anakumverani, n'kulemba yankho lake m'kope lomwe mumalembamo katundu.