Waranti imatsatira nambala ya chinthu, osati dzina la kampani

"Achimwene, ndangoyamba kuoda mafoni ndi malaputopu kunja. Makampani ake alibe shopu yawoyawo kuno. Ndingadziwe bwanji amene amalemekezadi waranti katundu akawonongeka?"

Mng'ono wanga, ukufuna ndikupatse mndandanda wa mayina kuti uzingosankhapo, koma mndandanda wotero ndi umene unandigulitsitsa galimoto. Kampani imodzi yomweyo ikukonzera laputopu iyi mwaulere n'kukukanira inzake yofanana nayo ndendende, chifukwa iwo sayang'ana dzina lili pachivundikiro. Amalemba siriyo nambala pakompyuta yawo, ndipo imawauza zinthu zitatu: chinthucho anachipangira msika wa dziko liti, anachigulitsa kwa ndani, ndipo waranti inayamba kuwerenga tsiku liti. Chimodzi mwa zitatuzi chikakhota, kamba zako zonse, sakumva.

Ine ndinaziphunzira ndi malaputopu 40. Dzina la kampani yake sinditchula, ngakhale la wopikulitsayo, koma nkhope yake ndikuikumbukira mpaka mano. Katoni iliyonse inali yomata bwino, ili ndi kachomata konyezimira konena kuti waranti yake ndi ya padziko lonse, chaka chathunthu. Mtengo unali wotsika moti ndinkadziona ngati ndine wochenjera kuposa onse amene tinakwera nawo ulendo umenewo. Ndinalipira, iye n'kundilembera lisiti ya mzere umodzi: malaputopu 40, ndalama zakuti. Palibe siriyo nambala ngakhale imodzi imene inalembedwapo. Nthawi imeneyo ndinali nditadutsa kale maboda zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye usaganize kuti ndinali mwana pa geni.

Malaputopu 30 ndinagulitsa kwa kasitomala mmodzi, bungwe lina, ndipo papepala la mgwirizano ndinasaina ndi dzanja langa kuti ndikuwapatsa waranti ya chaka. Ndinalonjeza chinthu chimene sindinachione ndi maso. Mwezi wachinayi anayamba kufa. Ukadina batani nyale imayaka, fani n'kuzungulira pang'ono, sikirini ili bii. Pomatha milungu itatu anali atafa 11, onse matenda amodzi a bodi.

Apa mpamene ndinachita zimene ndikanachita ndisanatulutse ndalama m'thumba. Ndinalemba siriyo nambala pa tsamba la kampaniyo. Yankho lake linanditsitsa thukuta: waranti inayamba miyezi 10 ndisanagule. Makampani ambiri, akapanda kulandira umboni wa tsiku limene munthu wagula, amayamba kuwerenga kuyambira pamene katundu anachoka kwa iwo kupita kwa wogawa. Miyezi 10 ija kuphatikiza inayi ya kwa kasitomala ndi 14, ndiye kuti waranti inali itatha miyezi iwiri m'mbuyomo. Tsiku limeneli limakonzeka ukatumiza lisiti ya wogulitsa wovomerezeka yokhala ndi siriyo nambala. Yanga ija inalibe nambala, ndipo wopikulitsayo sanali pa mndandanda wa ovomerezeka. Kuwonjezera apo, makinawo anapangidwira msika wa chigawo china cha dziko lapansi, kutali ndi kumene ndinawagula komanso kutali ndi kuno. Kachomata konyezimira kaja wopikulitsayo anasindikiza yekha.

Nditamuimbira sanakane. Anati waranti ilipo ndithu, ndi ya shopu yake, ndibweretse katunduyo. Umvetse bwino kusiyana kwake. Waranti ya kampani imakhala mu kompyuta ya kampani ndipo wokonza wovomerezeka aliyense amaiona. Waranti ya shopu imakhala pakamwa pa mwini shopu, ndipo thiransipoti yopita ndi yobwera ndi yako.

Ndinawanyamula onse 11. Potuluka pa boda ndinafunsa wa kasitomu wina ngati pakufunika pepala, popeza katunduyu ndikupita naye kokakonzetsa ndipo abweranso. Anandiyang'ana ngati ndamudzutsa kutulo, n'kugwedeza dzanja kuti ndizipita, zakufa sazilembera pepala. Munthu ameneyo ndikanakumana naye lero sindingamupatse moni. Amadziwa bwino lomwe kuti pali chikalata chotulutsira katundu kwa kanthawi, chimene amalembapo siriyo nambala iliyonse n'kudinda, kuti pobwera uonetse kuti awa ndi omwe aja unalipirira kale msonkho. Ulesi wolemba manambala 11 basi.

Wopikulitsa uja anandisunga milungu isanu ndi iwiri. Anayi anawasintha bodi, asanu anandipatsa ena m'malo mwake, awiri anawakana chifukwa mnyamata wanga wokonza anali atawatsegula kuti aone chavuta n'chiyani, ndipo kachomata ka pa sikuluwu kanang'ambika. Pobwera, pa boda pomwe paja, ndinapeza wina. Ameneyu ndiye anali wakhama pa ntchito, khama lake lonse linathera pa ine. Akuti umboni uli kuti woti katunduyu anachokera kuno? Ndinatulutsa mapepala amene ndinakiliyira ulendo woyamba. Akuti apa palembedwa malaputopu 40, palibe nambala, ndingadziwe bwanji kuti ndi omwewa? Anawerengera msonkho onse 11 ngati atsopano, ndi awiri akufa aja omwe. Ndinati bwana, yatsani nokha muone ngati chinthu ichi chili ndi moyo. Anati iye si wokonza makompyuta. Katundu anakhala mosungira mwawo masiku 19, ndipo tsiku lililonse linali ndi mtengo wake.

Uku bungwe lija linali litatopa kudikira. Anandilembera kalata ya loya. Ndinagulitsa galimoto, ndinagula malaputopu ena kwa wogawa wovomerezeka pa mtengo umene ndinkauseka poyamba paja, n'kukawapatsa. Mpamba wa zaka zisanu ndi chimodzi unatsala wongokwana thiransipoti. Koma palibe kasitomala anganene kuti ndinamuthawa, ndipo bungwe lomwelo mpaka pano limagula kwa ine. Anzanga amene ankandiseka nthawi imeneyo, theka la iwo anasiya kale geni.

Kodi unafunsa chiyani paja? Eya, makampani.

Chimene ndimayang'ana ine si shopu yokhala ndi chikwangwani cha kampani. Shopu ndi yogulitsira. Ndimafuna kudziwa ngati m'dziko muno muli wokonza amene kampaniyo inamuvomereza, amene amatha kuitanitsa masipeya pa akaunti ya kampani ndipo kampani imamulipira pa ntchito ya waranti. Dzina lake lizipezeka pa tsamba la kampani yeniyeniyo, osati pa khoma la shopu yake pokha, chifukwa utoto aliyense amagula. Ukamupeza, usamufunse kuti kodi mumakonza zakutizakuti, adzati inde. Mutumizire siriyo nambala imodzi ya katundu amene ukufuna kugula, umufunse kuti iyi ikafa mawa, mudzaikonza pa waranti kuno, ndipo bodi yake imatenga masiku angati kufika? Akayankha, yankholo likhale lolemba.

Pa malaputopu, amene amapangira maofesi ndi amene amayenda bwino kudutsa malire. Lenovo ili ndi dongosolo lotchedwa International Warranty Service, ndipo ma ThinkPad ambiri ali momwemo, koma si makina onse. Umayang'ana ndi zilembo zinayi zoyambirira za mtundu wa makinawo, n'kuona ngati dziko lako lili pa mndandanda wa kumene amakonzako mtundu umenewo. Dell imagwiritsa ntchito Service Tag, ya zilembo ndi manambala 7. Imeneyi imakhala yolembetsedwa ku dziko limene makina anagulitsidwa koyamba, ndipo pali fomu pa tsamba lawo yosamutsira umwini ndi dziko. Isamutse makina akadali amoyo. Ukadikira kuti afe kaye, ukhala ukudikira fomu uku kasitomala ali pakhomo. Ndipo usadabwe ngati waranti imene kwawo inali yoti wokonza abwera pamalo ako mawa lake, kuno yasanduka yoti unyamule wekha upite nayo. Umalandira zimene zilipo m'dziko limene uli.

Mafoni ndiye ouma mutu. Apple imapereka chaka chimodzi, koma m'mawu a waranti yake inalembamo kuti ikhoza kulola iPhone kukonzedwa m'dziko lokhalo limene inagulitsidwa koyamba. Ndiye tsamba la checkcoverage.apple.com likhoza kukuuza kuti waranti ilipo, wokonza wakuno n'kukukanira, onse awiri akunena zoona. Chifukwa china ndi masipeya. iPhone 14 ya ku America, ya 2022, ilibe n'komwe polowetsa simu khadi, ndiye wokonza wa dziko lina sasunga ziwalo zake. Uyang'anenso nambala ya modelo mu Settings, General, About: ikayamba ndi M ndi yatsopano, F ndi yokonzedwanso, N ndi yopatsidwa m'malo mwa ina yowonongeka. Anthu akugulitsidwa za N pa mtengo wa zatsopano tsiku ndi tsiku. Mafoni a Samsung nawonso kawirikawiri waranti yake imamangidwa ku chigawo chimene anagulitsidwira. Tecno, Infinix ndi itel ndi a kampani imodzi, Transsion, ndipo okonza awo ndi Carlcare, amene ali m'maiko ambiri a mu Africa. Komabe ine ndimawatumizira kaye IMEI, nambala yodziwira foniyo, sindidalira dzina.

Zoti pa foni umadina `*#06#` kuti uone IMEI ya manambala 15 sindikuuza, ngati sudziwa zimenezo bwerera ukagulitse machaja. Chimene anthu amaiwala n'kufananitsa. Nambala ya pa katoni, ya pa chinthucho, ndi ya m'kati, pa laputopu ndiye ya mu BIOS, zikhale chimodzimodzi. Zikasiyana, mwina bodi inasinthidwapo kapena katoniyo ndi ya china. Pa katundu 40 ine ndimatsegula makatoni asanu amene ndasankha ndekha, osati amene wandipatsa iye, ndipo manambala a 40 onsewo ndimawayang'ana pa foni yanga ndili chiimire m'shopu momwemo. Wogulitsa akayamba kuyang'ana wotchi n'kumati ena akudikira, ndimanyamula chikwama changa. Lisiti ikhale ndi tsiku, dzina la bizinesi yake ndi nambala iliyonse payokha, ndipo manambala omwewo ndimauza ejenti awalembe pa mapepala okiliyira. Amadandaula kuti ndi ntchito yambiri. Adandaule.

Kumene kulibe wokonza wovomerezeka, ndimagulabe ngati mtengo uli bwino, koma ndimawerengera ngati waranti palibe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Pa 20 aliwonse ndimasungapo chimodzi osagulitsa, chosinthira kasitomala, ndipo mtengo wake ndimaugawira pa 19 enawo. Kasitomala ndimamuuza poyera kuti waranti ndi yanga, ya miyezi itatu, yosakhudza madzi, kugwetsa kapena moto wa magetsi. Kutumiza chinthu chimodzi kunja kuti akachikonze sikulipira, makamaka cha batire ya lifiyamu, imene onyamula katundu pandege ali nayo ndi malamulo akeake.

Awiri akufa aja ndikadali nawo. Ali pamwamba pa shelefu, ndipo lisiti ya msonkho wawo wachiwiri ndinaimata pachivundikiro ndi selotepi. Mnyamata wanga anachotsamo kale RAM ndi masikirini, anafunanso kutaya zotsalazo, ndinamukaniza.