Nambala yaikulu pa Speedtest si imene imayendetsa Zoom

"Ndayeza intaneti yanga m'mawa ndipo yaonetsa Download 24 Mbps, Upload 0.7 Mbps, Ping 48 ms. Lachinayi madzulo ndili ndi intavyu ya ntchito pa Zoom ndi anthu a ku London. Kodi ziyenda?"

Funso lanuli landikhudza chifukwa manambala otere anandichititsapo manyazi pa msonkhano wina. Ine ndinkawaona anzanga bwinobwino, koma iwo ankangoti, "Mwazizira, sitikukumvani," nkhope yanga itauma pa sikirini pakamwa pali yasa. Chinachitika n'chakuti mphwanga analumikiza foni yake ku rauta, ndipo foniyo inayamba kutumiza yokha mavidiyo a ukwati kumalo osungira zithunzi pa intaneti, n'kudya kanjira konse kotulukira. Mpaka lero zimandinyansa kuti otsatsa intaneti amakuwa za Download, pamene nambala imene imanyamula nkhope ndi mawu a munthu saitchula n'komwe.

Download ndi zimene zikubwera kwa inu, ndipo 24 Mbps ndi yochuluka kwambiri kuposa zimene Zoom imafuna. Vuto lili pa Upload, imene imayeza zochoka kwa inu. A Zoom amanena kuti anthu awiri akamayankhulana pamafunika 600 kbps pa vidiyo wamba ndi 1.2 Mbps pa vidiyo yooneka bwino kwambiri ya HD 720p, kupita ndi kubwera komwe. Upload yanu ya 0.7 Mbps ndi chimodzimodzi 700 kbps, kutanthauza kuti mwangodutsa pang'ono malire a m'munsi, moti foni imodzi ikangoyamba kutumiza zithunzi m'nyumbamo, mawu anu ayamba kudukaduka.

Ping ya 48 ms, kapena kuti mamilisekondi 48, ndi yabwino, koma musaikhulupirire msanga, chifukwa Speedtest, pulogalamu yoyezera intanetiyo, imasankha yokha seva yapafupi, ndipo nthawi imene mukuionayo ndi ya ulendo wopita kumeneko ndi kubwerako basi. Dinani Change Server, musankhe ya ku London, ndipo musadabwe nambalayo ikafika cha m'ma 200 ms, popeza mtunda wokhawo umadya nthawi. Pamenepo kucheza kumathekabe. Ikapitirira 300 ms mumayamba kulankhula nthawi imodzi ndi mnzanu, aliyense akuganiza kuti winayo wamaliza. Muonenso timanambala ting'onoting'ono ta Ping timene tili pafupi ndi timivi, makamaka ka muvi woloza m'mwamba, chifukwa kamasonyeza kuchedwa pamene njira yadzaza. Ngati kakudumpha kuchoka pa 48 kufika pa 600 kapena kuposerapo, intaneti yanu imatsamwa ikapanikizika, ndipo chimenechi ndi chimene chimaumitsa nkhope pa sikirini.

Muyezenso madzulo, pa ola la intavyulo komanso mutakhala pamalo pomwe mudzakhale, chifukwa netiweki ya m'mawa imakhala ndi anthu ochepa. Pa tsikulo muchotse zipangizo zina pa rauta, muzimitse HD mu Zoom, ndipo zikavuta mupemphe kuzimitsa kamera, popeza mawu okha safika ngakhale 100 kbps.