Funsani Dokotala: Ndikapopera mankhwala m'mphuno, ndimatuluka kamfuno

A Dokotala, mphuno zanga zimatseka chaka ndi chaka, makamaka chiperoni chikayamba. Kuchipatala anandipatsa kabotolo kopopera m'mphuno. Ndinkayang'ana kumwamba n'kukoka mwamphamvu mpaka ndimve kuwawa kwa mankhwalawo kukhosi, kuti ndidziwe kuti afika. Patatha masiku asanu sindinaone kusintha, m'malo mwake kamfuno. Ndinasiya n'kugula ena ku famase otsegula mphuno nthawi yomweyo, ndipo uno ndi mwezi wachiwiri, koma tsopano popanda iwo sindigona. Kamlomo kake kakatseka ndimaboola ndi phini. Kodi m'mphuno mwanga mukumera chinthu?
Mayi wa ku Luchenza, Thyolo

Mayi, mtima pansi. Chotupa cha m'mphuno nthawi zambiri chimatseka mbali imodzi yokha, ndipo sichidikira chiperoni. Mphuno zotseka mbali zonse, pa nyengo yake, zimaloza ku thupi lomwe silikugwirizana ndi fumbi, utsi wa nkhuni kapena nkhungu ya m'nyumba za chinyezi, zomwe kuno kumunsi kwa phiri sizisowa. Zinazo zachokera m'kapoperedwe, ndiponso m'botolo lomwe munadzigulira nokha.

Tiyambe ndi kuwawa kwa kukhosiko, chifukwa anthu ambiri amakukhulupirira, ngakhale ophunzira. Mukamva kuwawa, mankhwala sanafike. Adutsa. Malo omwe akudwala ndi nyama yofewa ya m'mbali mwa mphuno, imene imatupa n'kutseka njira ya mpweya. Mankhwala amayenera kugwera pamenepo n'kukhalapo. Mukayang'ana kumwamba, pansi pa mphuno pamakhala potsetsereka kulowera kukhosi, ndiye mukakokanso mwamphamvu ngati agogo ndi fodya wawo wa m'mphuno, madontho ambiri amathera m'mimba, momwe alibe ntchito. Mphuno imatsala ili chotsekere, mwiniwake n'kumati mankhwala a kuchipatala ndi madzi.

Kapoperedwe kake ndi aka. Minani kaye pang'onopang'ono, kuti mankhwala asagwere pa mamina. Khutchumulani botolo. Likakhala latsopano, kapena lakhala masiku angapo osagwira ntchito, poperani m'mwamba kangapo kutali ndi maso mpaka lizitulutsa ngati kankhungu, osati kulavula madontho. Mukatero weramitsani mutu pang'ono, maso ali pa zala za kumapazi, botolo lili chilili.

Apa ndiye pagona nkhani: dzanja lamanja lipopere bowo lakumanzere, lamanzere lipopere lakumanja. Lowetsani nsonga yokha ya kamlomo, ndipo iloze kunja, cha kukhutu la mbali yomweyo. Pakati pa mabowo awiri pali kakhoma kopyapyala, ndipo kutsogolo kwake kuli timitsempha ta magazi tomwe tili pamwamba penipeni. Munthu akapopera bowo lamanja ndi dzanja lamanja, mkono umapinda mwachibadwa n'kulozetsa kamlomo pa kakhomako. Tsiku ndi tsiku mankhwala akumenya malo amodzi, pamauma, pamachita kachilonda, kenako mumaona magazi pa kansalu mukamina. Kamfuno wanu ayenera kuti anachokera pamenepo. Kusinthanitsa manja kumatembenuza kamlomo kokha popanda kuganizira.

Pofinya, kokani mpweya mofatsa ngati mukununkhiza tiyi wotentha m'kapu, kenako tulutsirani kukamwa. Wokhala nanu pafupi asamve phokoso la kukokako. Kadontho kakatsikira pamlomo, pukutani, musakakokere m'kati. Musaminenso nthawi yomweyo.

Za masiku asanu zija, Mayi, munafulumira. Mankhwala omwe amaperekedwa pa vuto lotereli nthawi zambiri ndi a gulu la siteroidi, monga bekilometazoni. Satsegula mphuno pomwepo. Amaphwetsa kutupa pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake yonse imatha kutenga masabata awiri kuti ioneke, munthu akupopera tsiku lililonse, ngakhale tsiku lomwe wadzuka bwino. Kwa wamkulu, bekilometazoni wa maikulogalamu 50 amalembedwa kawirikawiri kuti kufinya kawiri bowo lililonse, m'mawa ndi madzulo. Kumeneko ndi kufinya ka 8 pa tsiku, choncho botolo lolembedwa 200 liyenera kutha m'masiku pafupifupi 25. Lembani tsiku loyamba pabotolopo. Likadutsa mwezi lili lodzaza, mwakhala mukudumphitsa.

Koma botolo la ku famase ndi lomwe landidetsa nkhawa. Otsegula mphuno m'mphindi zochepa, monga okisimetazolini ndi zayilometazolini, amafinya mitsempha ya magazi, ndipo sayenera kupitirira sabata imodzi; ambiri timati masiku atatu kapena asanu akwana. Mukapitiriza, mphamvu yake ikangotha mphuno imatupa kuposa poyamba, mumapoperanso, ndipo nthawi yopumira bwino imanka ifupika. Pano chomwe chikukutsekani mphuno ndi mankhwalawo. Tsiku lomwe munaona magazi linali lobwerera kwa amene anakupatsani botolo loyamba, akanakuonetsani kagwiridwe mu mphindi ziwiri. Miyezi iwiri yapita pachabe. Kusiya kumatheka, kungoti masiku oyamba mphuno zimatseka kolimba, n'chifukwa chake ndi bwino kusiya mukuthandizidwa ndi siteroidi uja. Ena amayamba asiya bowo limodzi, kuti linalo azipumira usiku.

Phiniyo ibwezereni pa chitenje. Kabowo ka kamlomo kanapangidwa kuti kazimwaza mankhwala ngati nkhungu. Mukakakuza, amatuluka ngati mkodzo wa mwana, n'kumenya malo amodzi kapena kuthamangira kukhosi. Botolo lobooledwa kale musaligwiritsenso ntchito. Kamlomo kamatseka chifukwa cha mankhwala ouma ndi mamina. Mukatha kupopera, pukutani ndi tishu kapena kansalu koyera n'kuvindikira. Kamodzi pa sabata zulani kamlomoko, ngati kali kochoka, mukaviike m'madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi zochepa, mutsukuluze ndi madzi aukhondo, mukasiye kaume kokha musanabwezere. Kenako poperani m'mwamba mpaka nkhungu ibwerere. Ndipo botolo ndi la munthu mmodzi ngati mswachi. Bambo akunyumba akatseka mphuno, asabwereke.

Sabata ino pitani kuchipatala, kaya ku Thyolo, ku Malamulo kapena chomwe muli nacho pafupi, mabotolo onse awiri ali m'manja pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Apempheni aunike m'mphuno ndi tochi aone ngati pa kakhoma pali chilonda, chifukwa chikakhalapo pamafunika kupumitsa kupopera mpaka chipole. Poperani iwo akuona. Muwauze ngati muli ndi BP, chifukwa otsegula mphuno aja amatha kuikweza. Ngati muli oyembekezera. Komanso ngati mumamwa ma ARV, poti ena a mzere wachiwiri sagwirizana ndi mitundu ina ya siteroidi wopopera. Kamfuno akayamba musanapite, khalani pansi, weramani, tsinani mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 osasiya kuti muone. Akapitirira mphindi 20, musadikire kuche. Ndipo ngati mbali imodzi yokha ndiyo yotseka, ikutulutsa mamina onunkha kapena osakanikirana ndi magazi tsiku ndi tsiku, kapena tsaya kapena diso latupa, nenani zimenezo poyambirira penipeni, kuti akulembereni kalata ya kwa madokotala a makutu, mphuno ndi khosi ku Queens ku Blantyre.