Akaunti imodzi yokha inatidetsa tonse

"Akaunti ya munthu mmodzi ku ofesi kwathu inabedwa, yatumiza sipamu usiku wonse. Seva ndi Postfix. Ndingaike bwanji malire pa munthu aliyense tisanalowe pa bulakilisiti? Thandizeni."

Achimwene, ndawerenga izi mtima wangochita phaa, ndakumbuka Lolemba lija. Choyamba musakhulupirire `smtpd_client_message_rate_limit`. Ine ndinali nditaika kale, ndinkayenda chonyada kuti seva yanga ili ndi malire, koma inandigwetsa fumbi. Chinthu chimenecho chimawerenga pa IP, osati pa munthu. Akuba amene anatenga pasiwedi ya mayi wathu wa ku akaunti sanabwere ndi kompyuta imodzi ayi. Mu logi ndinawerenga ma IP opitirira 40, a maiko osiyanasiyana, aliyense akulowa pa poti 587 ndi pasiwedi yolondola, kutumiza makalata asanu kapena khumi, n'kuchoka, kubwera wina. Malire anga anali makalata 30 pa mphindi. Palibe ngakhale mmodzi anafikapo. Ndipo kalata iliyonse inali ndi anthu olandira 50, ndiye seva ikawerenga "imodzi", kunja kwatuluka 50.

Zinayamba Lachisanu usiku, ine ndili pa maliro ku Matero, foni ili m'thumba yozimitsa. Wikendi yonse ndinali konko. Lolemba ndili mu minibasi, tangofika pa Kamwala, foni kulira. A bwana. "Iwe, makasitomala akuti imelo zathu sizikufika, ndipo kotesheni ya tenda iyenera kulowa 10 koloko isanakwane." Ndinatsika basi isanafike ndi pa siteshoni pomwe, ndikuthamanga Cairo Road yonse laputopu ikundimenya pamsana.

Kufika mu ofesi, magetsi kulibe, jenereta ikulira kuseri, intaneti ya ofesi yagwa. Ndinalumikiza ndi hotisipoti ya foni yanga, bandulo yanga yomwe, mpaka lero palibe anandibwezera. Ndalemba `postqueue -p`, chinthu chikungoyenda osaima, mizere kutsika ngati mvula ya Januwale. Pansi pake nambala: makalata opitirira 38,000 ali pa mzere. Manja anayamba kunjenjemera. A bwana aima kumbuyo kwanga, fungo la pefyumu lawo lili m'khosi mwanga, akufunsa mphindi iliyonse kuti "zatheka?" Mayi wa ku akaunti ali pakona ndi kapu ya tiyi akunena kuti iwo sanadine chilichonse. Pambuyo pake ndinaipeza kalatayo mu bokosi lawo, yoti bokosi lanu ladzaza, lowani apa mutsimikize. Analowa, analemba pasiwedi, Lachinayi masana. Koma pamaso pa a bwana ankalumbira kuti mwina ndi ine ndinasewera ndi seva.

Ndinasintha pasiwedi yawo msangamsanga, ndikupuma kuti basi zatha. Kuyang'ana logi, sipamu ikutulukabe! Mutu unazungulira. Ndinaganiza kuti alowa mu seva yeniyeniyo. Ayi ndithu, kusintha pasiwedi kumatseka khomo lolowera, koma zimene zalowa kale pa mzere Postfix imapitiriza kuzipereka mokhulupirika, ndipo zokanidwa kwakanthawi imaziyesanso mpaka masiku 5 ngati simunasinthe `maximal_queue_lifetime`. Ndiye Gmail ikutibwezera `421 4.7.28`, ife tikugogodabe pakhomo pawo ndi zinyalala zomwezo.

Apa ndi pomwe ndinachita chopusa chimene sindidzaiwala. Ndi mantha aja, a bwana akupumira m'khosi, ndinalemba `postsuper -d ALL`. Sekondi zochepa mzere wonse mbee. Ndinamva bwino kwa mphindi ngati ziwiri. Kenako mnyamata wa ku malonda akufunsa kuti kotesheni yake ija yapita? Inali pa mzere womwewo. Ma invoisi onse amene anthu anatumiza kuyambira Loweruka analinso momwemo, akudikira, ndipo ndinawafufuta pamodzi ndi sipamu. Kwa otumiza zimaoneka kuti zinapita, zili mu Sent, palibe uthenga wobwerera. Sabata yonse ndinkayenda desiki ndi desiki kupempha anthu kuti atumizenso. Kotesheni ija tinaitumiza pa imelo ya munthu payekha nthawi itatsala mphindi zochepa, manyazi ake osaneneka. Inu mukafika pamenepo lembani `postsuper -h ALL`, zonse ziime pa hold, kenako muzisankha mofatsa za wakubayo n'kufufuta, zabwino n'kuzimasula ndi `postsuper -H`.

IP yathu inali italowa kale pa bulakilisiti ya Spamhaus. Kumeneko sikunavute kwambiri, titayeretsa ndinapempha pa tsamba lawo ndipo tinachoka. Chimene chinatenga nthawi ndi mbiri yathu kwa makampani akuluakulu a imelo, makalata athu ankagwera mu sipamu kwa masabata. Ndipo kampani imene timachita lendi seva, ee, anthu amenewo! Analandira madandaulo kuyambira Loweruka m'mawa. Anawatumiza ku adiresi ya munthu amene anaika sevayo kalekale, amene anachoka osasiya ngakhale pepala limodzi lofotokoza zimene anachita. Sanaimbe foni, nambala ali nayo, pa bilu saiwala kuimba. Lolemba masana, ine nditayeretsa kale zonse, ndi pomwe anatitsekera poti 25 yotuluka, n'kutenga masiku atatu kuti ayankhe tikiti. A bwana nawo pa msonkhano anati vuto ndi loti ine sindiyang'anira seva pa wikendi. Ndalama ya wikendiyo mumandipatsa? Pamaliro pomwe ndiziyang'ana logi?

Chimene ndinaika pambuyo pake ndi postfwd. Postfix payokha siwerenga pa munthu, imafuna pulogalamu yapambali yoifunsa kalata iliyonse isanalandiridwe. Mu `main.cf` mumaika mzere uwu:

```
smtpd_end_of_data_restrictions = check_policy_service inet:127.0.0.1:10040
```

Ndinaika pa mapeto a kalata dala, chifukwa pamenepo Postfix imakhala ikudziwa kuti olandira ndi angati, ndipo imauza postfwd nambalayo. Muziwerenga olandira, osati makalata, paja ndanena za 50 aja. Malamulo anga ndi awiri, lililonse pa mzere umodzi:

```
id=OLA; protocol_state==END-OF-MESSAGE; sasl_username=~/^(\S+)$/; action=rcpt(sasl_username/150/3600/450 4.7.1 Mwapyola malire a ola)
id=TSIKU; protocol_state==END-OF-MESSAGE; sasl_username=~/^(\S+)$/; action=rcpt(sasl_username/500/86400/450 4.7.1 Mwapyola malire a tsiku)
```

`sasl_username` ndi dzina limene munthu walowera, ndiye kaya wakuba abwere ndi ma IP 40 kaya 400, onse akudyera mbale imodzi. Musawerengere pa adiresi ya wotumiza, imeneyo amaisintha kalata iliyonse ngati simunawatseke ndi `reject_sender_login_mismatch`. La tsikulo musalisiye. Poyamba ndinaika la ola lokha, kenako ndinakhala pansi kuwerengera: kuchokera Lachisanu 8 koloko usiku kufika Lolemba 8 koloko m'mawa ndi maola 60, kuchulukitsa ndi 150, ndi anthu 9,000 olandira sipamu. Imeneyo ndi yokwanira kukudetsani. Ndi la tsiku, wikendi yomweyo sangapyole 1,500. Zikadali zambiri, koma sizofanana ndi phiri lija.

Manambalawo musakopere anga. Onani kaye anthu anu amatumiza bwanji pa tsiku wamba:

```
grep -o 'sasl_username=[^ ,]*' /var/log/mail.log | sort | uniq -c | sort -rn | head
```

Imeneyi ikupatsani makalata a anthu 10 otumiza kwambiri pa masiku onse amene ali mu logiyo, olandira muwaone pa `nrcpt=` mu logi yomweyo. Kwathu ambiri safika ndi 60 pomwe pa tsiku. `grep` yomweyi ndi imene ikuuzeninso akaunti yobedwa, imakhala pamwamba payokha ndi nambala yochititsa mantha.

Pali bowo lina limene linanditengera mwezi kuti ndilione. Roundcube yathu, mmene anaiikira munthu uja, inkatumiza kudzera pa 127.0.0.1 popanda kulowa ndi dzina, chifukwa `mynetworks` imaloleza. Ndiye `sasl_username` imafika yopanda kanthu, malamulo onse awiri osagwira. Ndipo malire a pa IP aja nawonso sakhudza `mynetworks` mukawasiya mmene amabwerera. Wakuba akanangolowa pa webumelo, akanadutsa ngati palibe mpanda. Onani mu Roundcube kuti `smtp_user` ili `%u` ndi `smtp_pass` ili `%p`. Mukamaliza yesani nokha: tsitsani malire kufika 3, tumizani kalata kwa anthu 5 kuchokera pa foni, pa Outlook ndi pa webumelo, muone ngati onse akukanidwa. Ngati imodzi yadutsa, yang'anani mu `master.cf`, mwina pa `submission` pali `-o` yofafaniza zimene mwaika. Dziwaninso kuti postfwd ikagwa, Postfix imayamba kukana makalata ndi `451 4.3.5`, ofesi yonse kuima, ndiye muziiyang'anira kuti ili moyo.

Ndinasankha 450 osati 550 kuti munthu weniweni akapyola, kalata ingotsala kwa iye aziyesanso pambuyo pake. Koma malire okha amangochedwetsa wakuba, samuchotsa. Ndinalemba kasikiripiti kakang'ono koyang'ana logi mphindi 5 zilizonse, kakaona mawu oti "Mwapyola" kamanditumizira uthenga pa foni. Osati pa imelo ya seva yomweyo, chonde. Miyezi ingapo pambuyo pake kanandidzutsa 2 koloko usiku, akaunti ya dalaivala, ndinaitseka nditagona pabedi, atangotumiza kwa anthu 150 basi. Palibe bulakilisiti inatiwona.

Ndiye langizo langa, musapatule munthu aliyense, ngakhale bwana, chifukwa akaunti zimene zimabedwa ndi za akuluakulu omwewo amene adiresi zawo zili pa webusaiti. Ngakhale kunena zoona, ine mayi wa ku akaunti yemwe uja ndinamukwezera kufika 1,500 pa tsiku. Kumapeto kwa mwezi amatumiza masitetimenti kwa makasitomala onse, anakanidwa kawiri, anapita kukalira kwa a bwana, ndipo ine ndinatopa ndi milandu. Ndikudziwa, ndi akaunti yomwe ija inabedwa. Ndinati ndikweza sabata imodzi yokha, pano chaka chatha ndipo sindinatsitse. Inu chitani bwino kuposa ine, masitetimenti muwapatse akaunti yawoyawo yololedwa kulowa kuchokera pa IP ya ofesi yokha. Komanso ngati muli anthu osapitirira 20 ndipo bwana wanu angalipire, ine ndikanangosamutsa imelo yonse kupita kwa ochititsa lendi mabokosi, n'kumagona tulo. Wathu anaona mtengo wake mu madola, anawerengera mu kwacha, anati seva yathu ili bwinobwino.

Panopa yambani ndi `postsuper -h ALL` musanawerenge ndemanga zina, kenako mutumize kuno zimene `grep` ija yatulutsa, mayina muwabise.