Tipu ya pa makina ndi ya ndani?

Funso: Ndili ndi lesitilanti ku Namiwawa, antchito alipo 12. Masiku ano makasitomala ambiri amalipira pa khadi kapena pa foni, ndiye tipu imalowa mu akaunti ya bizinesi. Maweta akuti ndalamayo ndi yawo, a kukhitchini akuti chakudya amaphika ndi iwo. Mnzanga wandiuza kuti ndingoika sevisi tchaji ya 10 peresenti pa bilu, mkangano uthe. Nditani? Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre.

Yankho: Mayi, za sevisi tchaji ziyambe zadikira. Chimene chikukanganitsa antchito anu n'chakuti palibe amene akudziwa kuti mwezi wathawu munalowa tipu yochuluka bwanji. Munthu akapanda kuona nambala amadzipangira yake m'mutu, ndipo ya m'mutuyo nthawi zonse imakhala yaikulu kuposa yeniyeni. Weta amene anaona kasitomala akuwonjezera K5,000 Lachisanu usiku amayesa kuti zimatero tsiku lililonse, ndipo kumapeto kwa mwezi akalandira zochepa amati abwana adya.

Choncho ntchito yoyamba ndi kulekanitsa tipu ndi ndalama za malonda tsiku lomwelo. Tinene kuti bilu ya tebulo ina ndi K46,500 ndipo kasitomala wauza weta kuti adule K50,000 pa makina. Lisiti ya malonda ikuti K46,500, kapepala ka makina a banki kakuti K50,000. Kusiyana kwake, K3,500, ndiye tipu. Kashiya aphatikize mapepala awiriwa ndi sitepula, alembe m'buku la hadikava tsiku, nambala ya bilu, dzina la weta ndi K3,500 ija, weta asaine. Potseka usiku, ndalama zonse zolowa pa makina ndi pa foni, mukachotsapo malonda olipiridwa mwanjira imeneyo, zifanane ndi chiwerengero cha m'bukumo. Zikasiyana, funsani usiku womwewo anthu asanapite kwawo, chifukwa pakapita masabata atatu aliyense amakhala ataiwala.

Bukuli lisamakhale mu ofesi yanu yokhoma. Likhale poti wotsuka mbale akhoza kulitsegula. Ndimalimbikitsanso kuti antchito asankhe anthu awiri, mmodzi wa kutsogolo ndi mmodzi wa kukhitchini, oti aziwerengetsa ndalamazi limodzi ndi kashiya. Inu muzingotsimikiza. Mukamagawa nokha, ngakhale mutagawa mwachilungamo chotani, adzakukayikiranibe.

Nanga a kukhitchini ali nalo gawo? Ine ndikuti eya. Kasitomala amene wadikira chambo kwa ola lathunthu, n'kubwera chosapsa mkati, sasiya kanthu ngakhale weta atamwetulira bwanji. Komanso maweta ali ndi mfundo, chifukwa ndi iwo amene amatukwanidwa chakudya chikachedwa, ndipo kasitomala popereka amakhala akuyang'ana nkhope ya amene wamutumikira. Njira imene imagwira ntchito m'malo aang'ono ngati anu ndi yosiyanitsa mitundu iwiri ya tipu. Ya m'manja, imene kasitomala wapatsira weta mwiniwake, ikhale ya wetayo. Musalimbane nayo, simungaione yonse, ndipo mukalamula kuti iziperekedwa mudzangophunzitsa anthu kubisa ndalama m'sokosi. Yolowa pa makina ndi pa nambala ya bizinesi ya Airtel Money kapena Mpamba ilowe m'thumba limodzi, igawidwe kwa onse potsata mapointi.

Tiyeni tiyese ndi anthu 12 anuwo, ngakhale maudindo ndangoganizira. Maweta anayi, aliyense mapointi 3. Ophika atatu, aliyense mapointi 3. Wa pa bala 2, kashiya 2, otsuka mbale ndi kukolopa awiri aliyense 2, mlonda 1. Onse pamodzi ndi mapointi 30. Koma mwezi uno weta mmodzi wagwira masiku 13 okha pa masiku 26, ndiye mapointi ake akhala 1.5, ndipo onse pamodzi atsika kufika 28.5. Ngati m'thumba muli K570,000, pointi imodzi ndi K20,000. Weta kapena wophika amene wagwira mwezi wonse atenga K60,000, wa theka uja K30,000, wa pa bala, kashiya ndi otsuka mbale K40,000 aliyense, mlonda K20,000. Mukaphatikiza ikwana K570,000 ndendende, ndipo aliyense akhoza kudziwerengera yekha pa foni yake.

Mapointi amenewa si lamulo la boma, ndi pangano la pamalo panu. Mukhoza kukweza maweta kufika 4 ngati tipu ya m'manja kwanuko inatheratu. Chachikulu n'chakuti muwakambirane pamsonkhano wa antchito onse mwezi usanayambe, alembedwe, aliyense asaine. Kusintha mapointi ndalama zili kale patebulo ndi kuputa mavu. Manijala amene amalemba ndi kuchotsa anthu ntchito, komanso inu eni ake, musakhalemo m'thumbali. Ndipo wachibale amene amabwera kudzathandiza Loweruka alandire za masiku amene wagwiradi, monga wina aliyense.

Pali ndalama imodzi yokha imene ndikuona kuti n'koyenera kuchotsa musanagawe, ndiyo imene banki kapena kampani ya foni yakudulani pa tipuyo. Onani pa sitetimenti yanu peresenti imene amadula pa malipiro a pa makina, muchotse yomweyo pa tipu, ndipo muwaonetse antchito pepalalo. Musazungulize nambala kuti mutsale ndi kenakake.

Magalasi osweka ndi mafoloko osowa musalipiritse thumba la tipu. Ndikudziwa kuti ambiri amatero, ena amachotseratu gawo mwezi uliwonse n'kulitcha la zosweka, kaya kwasweka kanthu kaya ayi. Kusweka kwa ziwiya ndi ndalama yoyendetsera lesitilanti, mofanana ndi makala kapena gasi, ndipo malo ake ndi pa mtengo wa chakudya. Ngati pali munthu mmodzi wosasamala, nkhani yake ikambidwe payokha, amvedwe mbali yake, osati kulanga mlonda chifukwa cha tambula imene sanaigwire. Chimodzimodzi ndi kasitomala wothawa bilu.

Tipu isalowenso m'malo mwa malipiro. Lamulo la za ntchito la 2000 limaika udindo wolipira wantchito pa inu olemba ntchito, ndipo malipirowo asatsike pa mlingo wotsikitsitsa umene boma lalengeza. Kuuza weta kuti umlipira pang'ono chifukwa amapeza matipu ndi nkhani imene ikhoza kukufikitsani ku ofesi ya za ntchito, mwinanso ku khoti la Industrial Relations. Pa kapepala ka malipiro, tipu ikhale pa mzere wakewake, kuti tsiku lina pasadzakhale kutsutsana kuti malipiro enieni anali angati.

Tsopano sevisi tchaji. Kusiyana kwake ndi tipu n'kwakuti tipu kasitomala amapereka mwa kufuna kwake, pamene sevisi tchaji mwaika ndinu pa bilu. Ikakhala yokakamiza, yasanduka mbali ya mtengo wa zimene mwagulitsa, ndipo ngati munalembetsa VAT, konzekerani kuti msonkhowo uwerengedwa pa ndalama yonse. Bilu ya K40,000 ikhala K44,000, kenako msonkho pamwamba pake. Kasitomala wa kuno amene akuona kale VAT ndi ndalama ya zokopa alendo pansi pa bilu sawerenga mzere uliwonse, amangoona kuti pamalo pano padula. Musanayambe, pitani ku MRA ku Msonkho House ndi chitsanzo cha bilu yanu, akuuzeni polemba mmene mzerewo uzionekera pa lisiti ya msonkho. Funsaninso za PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, chifukwa ndalama iliyonse imene yadutsa m'manja mwanu kupita kwa wantchito imaonjezera zimene wapeza mwezi umenewo, ndipo amene sankafika pa mlingo wodulidwa msonkho akhoza kufikapo. Izi zikukhudzanso thumba la tipu lija.

Chinanso chimene mnzanu uja mwina sanatchule n'chakuti kasitomala akaona 10 peresenti pa bilu amasiya kupereka ya m'manja. Amati ndalipira kale. Ndiye ngati inu mutenga sevisi tchaji n'kugulira mafuta a jenereta, maweta ataya kawiri, ndipo abwino kwambiri ndi amene amayamba kuchoka, poti ndi amene amapeza msanga malo kwina. Kasitomala akafunsa weta kuti ndalama imeneyi imakufikani, weta n'kupukusa mutu, mbiri ya malo anu yaonongeka patebulo pomwepo. Ngati vuto ndi kukwera kwa mafuta ophikira ndi nyama, kwezani mitengo pa menyu poyera. Mzere wotchedwa sevisi ukhale wa anthu opereka sevisiyo.

Pamene ndimaona kuti sevisi tchaji ili ndi nzeru ndi pa magulu: chinkhoswe, phwando la ofesi, kapena msonkhano wa bungwe wa anthu 40. Apa wolipira ndi akauntanti amene akutumiza ndalama kubanki potsata invoisi, ndipo alibe mzere wolembapo tipu. Antchito athamanga tsiku lonse, koma palibe amene awasiyire kanthu. N'chifukwa chake ili ndi malo m'mahotela ochititsa misonkhano kuposa m'lesitilanti ya anthu obwera awiriawiri. Mukafuna kuiika pa magulu, ilembedwe pa kotesheni kasitomala asanavomere, ndi pa menyu ngati ikukhudza matebulo akuluakulu. Kuionetsa koyamba pa bilu munthu atadya kale ndi mtundu wa madandaulo amene bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la CFTC limalandira kuchokera kwa ogula.

Mukayamba dongosololi, yang'anirani zinthu ziwiri. Choyamba, tipu ya pa makina ikatsika mwadzidzidzi malonda ali chimodzimodzi, ndiye kuti maweta ayamba kuuza makasitomala kuti alipire bilu pa makina koma kangachepeko atumize pa nambala yawo. Pangano lanu linene poyera kuti weta asapemphe zimenezi. Zikachuluka, ndi chizindikiro chakuti maweta akuona kuti mapointi awo achepa, ndipo ndi bwino kubwerera pamsonkhano kusiyana n'kuyamba kufufuza mafoni a anthu. Chachiwiri ndi kulimbirana matebulo. Mudzaona maweta atatu azungulira alendo akunja pamene banja lochokera ku Chilomoni lakhala mphindi khumi popanda wolipatsa menyu. Gawani matebulo m'zigawo ndipo maweta azisinthana zigawozo sabata iliyonse, kuti wina asamangokhala kukhonde kumene kumakhala opereka zambiri.

Pa nthawi yogawa, sankhani tsiku limodzi lodziwika, monga pa 15 mwezi uliwonse, pakati pa malipiro awiri pamene matumba a anthu auma. Ndalamayo muziisamutsira ku akaunti yapadera sabata iliyonse, chifukwa ikakhala pamodzi ndi ya malonda, tsiku lina wobweretsa nkhuku adzafika ndi invoisi ndipo mudzaibwereka. Wantchito amene wasiya kapena wachotsedwa pakati pa mwezi apatsidwe gawo la masiku amene anagwira, pa tsiku lomwelo limene anzake akulandira.