Pakati pa 10 ndi 100 si 55

"Anzanga a masamu ndithandizeni. Ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina kuno ku Ntcheu. M'buku lina ndapeza girafu ya chiwerengero cha anthu, koma manambala a m'mbali akuti 1, 10, 100, 1,000 pa mipata yofanana. Mwana wina wandifunsa kuti pakati pa 10 ndi 100 pali nambala yanji, ine ndamuyankha 55. Ndalakwa kodi? Girafu yotere amaiwerenga bwanji?"

Aphunzitsi, mawa mukalowa m'kalasi mukamuuze mwanayo kuti yankho ndi pafupifupi 32, ndipo mukamuyamikire chifukwa wafunsa penipeni pamene ambiri timapunthwa.

Girafu imene tinazolowera, mpata uliwonse ndi kuwonkhetsa: 10, 20, 30, 40. Imene mwapezayo, mpata uliwonse ndi kuchulukitsa. A masamu amati mzere wa logarithimu. Tiyerekeze mlimi wa ku Tsangano wabzala thumba limodzi la kachewere, wakolola matumba 10, wabzalanso onsewo nyengo yotsatira n'kukolola 100. Matumba owonjezereka akusiyana, 9 kenako 90, koma zimene mbewu yachita n'zofanana nyengo zonse ziwiri: yabereka kakhumi. Mzere wa logarithimu umayeza kuberekako. N'chifukwa chake mtunda wochoka pa 1 kufika pa 10 ndi wofanana ndi wochoka pa 10 kufika pa 100.

Tsono theka la mpata si kuwonkhetsa 45 ayi. Ndi kuchulukitsa ndi nambala imene, mukachulukitsa nayo kawiri, ikupatseni 10. Nambalayo ndi 3.16. Yesani pafoni panu: 10 kuchulukitsa ndi 3.16 ndi 31.6, ndipo 31.6 kuchulukitsanso ndi 3.16 mufika pafupi kwambiri ndi 100. Nambala 55 ija ili pamwamba ndithu, pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a mpatawo.

Kuti ana agwire bwino, musawauze pakamwa pokha. Apatseni lula ajambule okha. Mzere woimirira ukhale wa masentimita 20: pansi alembe 1, pa masentimita 10 alembe 10, pamwamba alembe 100. Ndiye 2 akhala pa masentimita 3.0, 3 pa 4.8, 4 pa 6.0, 5 pa 7.0, 8 pa 9.0. Malo a nambala ina iliyonse amapezeka podina log pa kakuleta n'kuchulukitsa yankho ndi 10. Ana adzaona okha kuti timizere tikuthinana tikamayandikira 10, kenako tikutayananso. Kuthinana kumeneko ndiye chizindikiro chodziwira girafu yotere ngakhale wojambula sananene. Koma chimene ndimafuna aone kwambiri n'chakuti kuchoka pa 1 kufika pa 2 ndi masentimita 3, pa 2 kufika pa 4 ndi 3, pa 4 kufika pa 8 ndi 3 omwewo. Paliponse pamene mzere wakwera masentimita atatu, chinthucho chawirikiza kawiri, kaya ndi pansi pa girafu kaya pamwamba.

Poti phunziro lanu ndi la chiwerengero cha anthu, gwiritsani ntchito kalembera wa dziko lathu lino. Mu 1966 tinalipo 4.04 miliyoni, mu 1977 5.55 miliyoni, mu 1987 7.99 miliyoni, mu 1998 9.93 miliyoni, mu 2008 13.08 miliyoni, ndipo mu 2018 17.56 miliyoni. Afunseni ana kuti ndi zaka ziti pamene anthu anachuluka mwamsanga koposa. Pa girafu wamba onse adzaloza 2008 mpaka 2018, chifukwa panawonjezereka anthu pafupifupi 4.5 miliyoni, pamene pakati pa 1977 ndi 1987 anawonjezereka 2.4 miliyoni okha. Sanalakwe kuwerenga mitu ya anthu, koma funso la liwiro sanaliyankhe.

Tsopano agawe. 7.99 kugawa ndi 5.55 ndi 1.44, kutanthauza kuti pa anthu 100 aliwonse panawonjezereka 44. Ndiye 17.56 kugawa ndi 13.08 ndi 1.34, anthu 34 pa 100. Pa mzere wawo wa lula uja, zaka khumi za 1977 mpaka 1987 zikwera masentimita 1.6, pamene za 2008 mpaka 2018 zikwera pafupifupi 1.3. Chitunda chachikulu chasamuka. Ndipo chikangotha chitundacho mzere ukuwerama: kuchoka 1987 kufika 1998, zaka 11, wakwera osakwana bwino sentimita imodzi.

Ife a ku Ntcheu ndi Dedza mbali ina ya nkhaniyi sitichita kuuzidwa. Kalembera wa 1987 anachitika abale athu a ku Mozambique atayamba kale kuwoloka malire mwaunyinji kuthawa nkhondo, ambiri n'kukhala m'midzi yathu yomweyi. Mtendere utasainidwa mu 1992 anayamba kubwerera kwawo, moti pofika 1998 ochuluka anali atapita. Si chifukwa chokhacho, pakuti m'zaka zimenezo Edzi inatenganso anthu ambiri, koma kukwera ndi kuwerama kuja pa girafu wamba sikuoneka bwino, pamene pa iyi mwana amakuona ndi maso. Agogo a ana ena m'kalasi mwanumo akhoza kuwafotokozera zimene zinachitika pa malo amene mzere wapindika.

Apa ndiye pali lamulo lowerengera. Mzere wowongoka wokwera sukutanthauza kuti chaka chilichonse pakuwonjezereka anthu ofanana. Ukutanthauza kuti peresenti ya kukula sikusintha, ndipo anthu owonjezereka akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Mzere ukawerama koma ukukwerabe, anthu sanachepe: pakati pa 1987 ndi 1998 tinawonjezereka pafupifupi 2 miliyoni. Chimene chatsika ndi liwiro. Ana amasokoneza ziwirizi kawirikawiri, choncho awafunseni mobwereza. Ayesenso masentimita atatu aja: 1966 ili pa 6.1, 1987 ili pa 9.0, ndiye kuti tinawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 21. Kuchoka 1987 kufika 2018 mzere wakwera 3.4, kuwirikiza kawiri ndi kachidutswa, koma m'zaka 31. Angosamala kuti pa mzere wogona zaka aziike pa mitunda yake yeniyeni, chifukwa mipata ina ndi ya zaka 10, ina 11, ndipo akaifananitsa kupendekeka kwa mzere kudzanama.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi girafu zimenezi n'chakuti zimachepetsa zinthu m'maso mwa munthu amene sanayang'ane manambala a m'mbali. Mizere iwiri ikhoza kuoneka yoyandikana, koma ngati yatalikirana mpata umodzi wathunthu, wina ukuposa unzake kakhumi. Ngati funso lanu ndi lakuti sukulu zifunika madesiki angati, tengani girafu wamba, pakuti pamenepo mukuwerenga mitu, ndipo 4.5 miliyoni aja ndiwo ofunika.

Mwana wina adzafunsa kuti ziro ali kuti. Palibe. Kutsika mpata umodzi ndi kugawa ndi 10, ndiye pansi pa 1 pali 0.1, pansi pake 0.01, osafika pa ziro. N'chifukwa chake sindikonda kuona girafu ya timizati toimirira pa mzere wotere, popeza kutalika kwa kamzati kumangodalira pamene wojambula wasankha kuyambira. Madontho olumikiza ndi mzere ndiwo oyenera. Ngati pasukulu panu pali kompyuta, mu Excel dinani pa mzere wa m'mbali ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Format Axis, kenako chongani Logarithmic scale. Ajambule girafu ziwiri za manambala omwewo a kalembera, aziike pambalimbali, ndipo pa iliyonse aloze pamene pali chitunda chachikulu.