Silaidi yomaliza: funsani chinthu chimene inuyo simukuchidziwa

"Ndimaphunzitsa antchito atsopano kalembedwe ka fomu ya katundu wolowa ndi wotuluka mosungira katundu pakampani pathu. Pa silaidi yomaliza ndimalemba kuti 'Pali mafunso?' ndipo chipinda chimangoti zii. Tikangotuluka ndi pamene amandiunjirira pakhomo ndi mafunso. Ndinayesa kulemba kuti 'Inu mukuganiza bwanji?' koma ndikamawerenga ndimadzimva ndekha kuti ndikukakamiza. Ndilembepo chiyani?"

Mayi, anthu okutsatirani pakhomowo akukuuzani chinthu chachikulu: mafunso ali nawo, ndipo sakuopa inuyo. Chimene akuopa ndi kukhala woyamba kutsegula pakamwa pamaso pa anzawo amene angodziwana nawo dzulo. Munthu akafunsidwa kuti "pali mafunso?" ayenera kuchita ntchito zitatu nthawi imodzi. Akumbukire zonse mwanena kuyambira silaidi yoyamba, asankhe pamene sanamvetse, kenako avomere poyera kuti iye sanamvetse pamene anzake onse akuoneka ngati amva. Pakhomo ntchito yachitatuyo palibe, n'chifukwa chake pakamwa pamamasuka.

Kalata yanu yandikumbutsa anthu awiri amene ndinagwira nawo ntchito pamalo amodzi, ndipo mundilole ndiwafotokoze chifukwa zambiri zimene ndimakhulupirira pa nkhaniyi ndinaziona kwa iwo.

Woyamba anali mkulu wathu, munthu wodziwa kulankhula, masilaidi ake okongola. Ankakonda kumaliza ndi funso la zilembo zikuluzikulu pakati pa sikirini, monga lakuti "Kodi tonse tikuvomereza kuti kusunga nthawi n'kofunika?" Ndani angakane? Tinkagwedeza mitu, wina n'kunena kuti "n'zoona bwana," iwo n'kutseka laputopu akumwetulira kuti anthu atenga nawo mbali. Nthawi zina ankasintha n'kulemba kuti "Tipite bwanji patsogolo limodzi?" Limeneli linkatikulira. Funso lotere limafuna munthu wokonzekera kulankhula mphindi zisanu, ndipo amene ankayankha anali yemweyemweyo, bambo wina wokonda kumva mawu ake, amene ankayamba ndi kuthokoza mkuluyo chifukwa cha mfundo zomveka bwino. Enafe tinkayang'ana mafoni pansi pa tebulo.

Wachiwiri anali mayi wowerengera ndalama, wolankhula motsitsa mawu mwakuti okhala kumbuyo ankachita kuweramira kutsogolo. Tsiku lina anatifotokozera za malisiti a maulendo a ntchito, nkhani yogonetsa tulo. Anaonetsa kuti malisiti ochedwa ndiwo ankachititsa kuti asatseke mabuku a mwezi pa nthawi yake. Silaidi yake yomaliza inali yoyera, ya mizere itatu yokha. Wapamwamba unati, "Ndiyenera kusankha imodzi Lolemba." Pansi pake panali njira ziwiri: kubweretsa malisiti pasanathe masiku awiri chibwerereni ku ulendo, kapena onse kubweretsa Lachisanu lililonse. Ndiye anati, "Ine sindiyenda maulendowa, mumayenda ndinu. Ndi iti mwa ziwirizi imene simungaikwanitse?" Atatero anakhala pansi, cholembera m'manja, kope lotsegula.

Panapita kanthawi popanda wolankhula. Iye sanatekeseke. Kenako dalaivala wina, amene ndinali ndisanamumvepo akulankhula pamsonkhano, anati ya masiku awiriyo ndi yovuta chifukwa nthawi zambiri akafika madzulo amanyamukanso m'mawa mwake. Mayiyo analemba. Wina anatsutsa kuti kudikira Lachisanu kumatayitsa malisiti, ena amafufutika m'thumba. Analembanso. Tinapitirira nthawi, ndipo palibe anayang'ana wotchi.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti kusiyana kwa awiriwa kunali pa luso losankha mawu. Pano ndimakana zimenezo kwamtuwagalu. Funso limamveka lokakamiza pamene wofunsayo sakulifuna yankho lake, basi. Mungalikongoletse bwanji, anthu amadziwa. Mkulu uja ankafuna kumva phokoso la anthu, ndipo yankho lililonse likanamukwanira. Mayi uja ankafuna kudziwa chinthu chimene sakanachipeza kwina, ndipo Lolemba linali kumudikira. N'chifukwa chake "Inu mukuganiza bwanji?" ikukuwawani m'khutu mukamaiwerenga. Mtima wanu ukudziwa kuti fomuyo sisintha kaya aganize zotani, ndipo antchito atsopanowo akudziwanso.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chizolowezi chimene chimandipweteka mtima: kufunsa anthu maganizo pa nkhani imene inagamulidwa kale. Ngati akuluakulu anasaina, nenani kuti anasaina. Munthu amene wapereka maganizo ake ndi mtima wonse, n'kudzazindikira kuti chigamulo chinalipo kale, sadzayankhanso pamsonkhano wina uliwonse, ndipo wophunzitsa wobwera pambuyo panu adzadabwa kuti anthuwa bwanji ali duu. Si amanyazi ayi. Anaphunzira.

Chinanso ndi silaidi ya "Zikomo" yokhala ndi chithunzi cha anthu ogwirana chanza. Silaidi yomaliza ndi imene imakhalitsa pa sikirini kuposa ina iliyonse, chifukwa imatsala pamenepo nthawi yonse yokambirana. Kuipereka kwa mawu amodzi amene mungawanene ndi pakamwa ndi kuwononga malo. Choipa kuposa apo n'kudina mopitirira mpaka PowerPoint ionetse mdima ndi kamzere kaja kakuti "End of slide show, click to exit." Anthu akaona zimenezo amayamba kutolera zikwama.

Nanga fomu yanuyo?

Tiyerekeze kuti ili ndi magawo 5: tsiku ndi nambala ya galimoto, dzina ndi nambala ya katundu, kuchuluka kwake, katundu wowonongeka, ndi siginecha. Chimene inu simukudziwa, ndipo iwo okha ndiwo angakuuzeni, ndi gawo limene silinalowe bwino m'mutu mwawo. Chimenecho ndicho chofunsa.

Pa silaidi yomaliza ikani chithunzi cha fomu yeniyeniyo, gawo lililonse lili ndi nambala yake yooneka kuchokera kumbuyo. Pamwamba lembani mzere umodzi: "Galimoto ikudikira, dalaivala akufulumira. Ndi gawo liti limene lingakuchedwetseni kwambiri?" Taonani zimene funsoli likuchita. Yankho lake ndi nambala imodzi, moti ngakhale wamanyazi angathe kunena kuti "4" osachita kukonza chiganizo. Sakuyenera kukumbukira kanthu chifukwa fomu ili pamaso pake. Ndipo vuto mwaliika pa fomu ndi pa dalaivala wofulumirayo. Munthu wonena kuti gawo 4 lingamuchedwetse sananene kuti ndi wosamva, wangonena zimene zingachitikire aliyense.

Mungayesedwe kufunsa kuti "Mabokosi afika 20, limodzi lang'ambika, mulemba chiyani pa gawo 3?" Ndi funso labwino, koma ndi la mayeso, yankho lake inu mukulidziwa ndipo wolakwitsa achita manyazi. Malo ake ndi pakati pa phunziro, anthu akugwira awiriawiri. Pomaliza lingatseke pakamwa anthu amene mukufuna kuti alankhule.

Mukawerenga funso la pa silaidi yomaliza lija, werengani kamodzi, musalibwereze m'mawu ena, ndipo khalani chete. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mary Budd Rowe, amene anafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi ku America, anajambula mawu a m'makalasi ambiri ndipo anafalitsa zimene anapeza m'zaka za m'ma 1970. Aphunzitsi akafunsa funso ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako n'kulibwereza, kuloza wina, kapena kudziyankha okha. Atawaphunzitsa kudikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ndipo ana amene sankayankha anayamba kuyankha. Iye ankaona ana asukulu, koma ine ndaona zomwezo kwa akuluakulu, ndipo kwa iwo ndimawerenga chamumtima mpaka 10. Kwa woimirira kutsogolo masekondi amenewo amatalika koopsa. Kwa okhala pansi ndi nthawi yongokwanira kuyang'ana fomu n'kusankha.

Poti anthu anu ndi atsopano ndipo sadziwana, onjezani kanthu kena. Auzeni kuti aliyense alembe nambala yake papepala, auze mnzake woyandikana naye chifukwa chake kwa mphindi imodzi, kenako mufunse gulu lonse. Njira yoganiza wekha, kukambirana awiri, n'kuuza onseyi anaitchukitsa Frank Lyman wa ku yunivesite ya Maryland mu 1981. Imagwira ntchito chifukwa wolankhula pagulu amakhala atayesa kale mawu ake kwa munthu mmodzi, ndipo angathe kunena kuti "ife tinaona kuti," osati "ine sindinamve."

Tsono manja akwera: awiri pa gawo 2, asanu ndi mmodzi pa gawo 4. Musathokoze n'kutseka. Bwererani pomwepo ku silaidi ya gawo 4. Mu PowerPoint, masilaidi akuonetsedwa, mukalemba nambala ya silaidi n'kudina Enter mumafika pomwepo popanda kudutsa ena onse, choncho lembani manambalawo pa kapepala musanayambe. Funsani mmodzi mwa okweza manja aja kuti, "Chikukuchedwetsani n'chiyani pamenepa?" Mwina anena kuti sakudziwa ngati bokosi lonyowa kunja koma la katundu wabwino mkati limalembedwa ngati lowonongeka. Limenelo ndi funso lomwe lija akanakufunsani pakhomo, koma tsopano alimva onse. Kukambirana kukayaka, dinani B, sikirini ide, maso achoke pakhoma abwere kwa wolankhula. Mukadinanso B silaidi imabwerera.

Mudzadziwa kuti funso silinagwire ngati woyankha woyamba ayamba ndi kukuyamikirani, ngati onse anena kuti "zonse zamveka," kapena ngati wayankha ndi mmodzi yekha ndipo ena akungovomereza. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Mwina mkulu wawo ali m'chipindamo, ndiye palibe wofuna kuoneka wochedwa kumva pa sabata yake yoyamba. Zikatero tolerani timapepala tija topanda maina, muwerenge nokha mokweza. Mwinanso mwafika pa silaidiyo nthawi itatha kale, anthu akuganiza zotuluka, ndipo aliyense wofunsa akudziwa kuti akuchedwetsa anzake. Ngati mwapatsidwa mphindi 40, funso lifike pa mphindi ya 30, ndipo muwauze poyambirira kuti khumi zomalizazo ndi zawo. Phunziro likakhala la pa intaneti, apempheni alembe nambalayo m'bokosi la mauthenga onse nthawi imodzi, ndipo dikirani motalikirapo, chifukwa munthu amayamba wafufuza potsegulira maikolofoni.

A pakhomo aja adzakhalapobe, ngakhale ochepa, chifukwa mafunso ena ndi a munthu payekha. Muziwayankha, kenako muzilemba zimene afunsa. Gulu lotsatira likadzabwera, mafunso awiri kapena atatu obwerezedwa kwambiri muwaike pansi pa chithunzi cha fomu, ndi mawu akuti "Anzanu a gulu lapita anafunsa izi. Ndi liti limene inunso muli nalo?"